Khadi limene Alinafe anapita nalo

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda atsibweni anga a Gidiyoni Mbewe, ndipo mpaka lero anthu a kuno ku Zemba sanagwirizane ngati tinaika mkhristu kapena wamaula. Pa maliro a mpingo anabwera, koma anaimba mokhala ngati wina wawakakamiza. Anthu a kudambwe nawonso anabwera, n'kukhala poteropo kumadikira kuti aone ngati a mpingo athawe. Eni akewo akanakhala moyo akanaseka mpaka kutsokomola, chifukwa moyo wawo wonse ankakonda kuona anthu akusowa powaika.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Mayi anga atamwalira, iwowa ndiwo anatsala mutu wa mbumba yathu, ndipo nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe yanga. Ndinawaphikira zaka khumi ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sanayamikepo ndiwo zanga ngakhale kamodzi. Ankati mchere ndimathira ngati ndikukwiyira munthu. Anali ndi chifukwa chonyadira, poti anakhala khukhi ku Bulawayo zaka zoposa makumi atatu, m'nyumba ya mayi wina wachizungu wamasiye. Anabwerako ali ndi imvi, alibe mkazi, alibe mwana, atanyamula sutikesi imodzi, mpeni wodulira buledi, ndi kachitini ka masikono komwe munali makhadi.

Makhadiwo sanali a njuga. Azungu amawatcha taroti. Anali aatali kuposa a njuga, okwana makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi atatu, lililonse ndi chithunzi chake. Makumi awiri kudza awiri ankawatcha akuluakulu, monga Dzuwa, Mwezi, Nyenyezi, Imfa. Otsalawo anali a mitundu inayi: zikho, zonena za chikondi ndi za mumtima, malupanga, onena za maganizo ndi mavuto, ndodo, zonena za ntchito ndi maulendo, ndi ndalama, zonena za chuma ndi za pakhomo. Mayi wachizungu uja ankayalira makhadiwa azimayi anzake Lachinayi masana. Maso ake atayamba kuchita khungu, atsibweni ndiwo ankamuyalira n'kumamuuza chimene chatuluka, iye n'kumamasulira. Anaphunzira choncho, thaulo la mbale lili paphewa. Mayiyo atamwalira, ana ake anatenga nyumba ndi galimoto, khukhi n'kumupatsa makhadi.

Anali munthu wovuta, ndisabise. Ankavala tayi popita kukagula sopo. Mbuzi za anthu ankazitchula mayina a eni ake pozithamangitsa m'munda. Ana akamapereka moni ataimirira, ankawafunsa ngati maondo anawasiya kusukulu. Koma pa nkhani ya makhadi anali ndi malamulo amene sanawaphwanyepo, ndipo malamulowo ndi amene anawadanitsa ndi anthu ambiri. Sankalandira kanthu, ngakhale nkhuku. Sankayala pa nkhani ya ufiti kapena ya kuba. Wobwera kudzafunsa amene wamulodza ankamuuza kuti apite kukiliniki akayezetse malungo, wobedwa njinga ankamulozera njira ya kupolisi ku boma. Sankayala kawiri pa funso limodzi, ankati kumeneko n'kufunsa mboni mpaka iname. Ndipo sankayalira munthu amene palibe. Mayi akabwera kuti aone za mwana wake, ankamuuza kuti abwere ndi mwanayo, asuzumire yekha m'nyumba mwake.

Akulu a mpingo anawaimitsa kudya mgonero kawiri. Ulendo woyamba anawaitanira ku bwalo la mpingo, iwo anapita ndi kachitini kawo, n'kuyala makhadi pa tebulo la abusa kuti aliyense aloze pamene pali chiwanda. Anawauza kuti makhadi sadziwa kanthu, ndi mapepala, amangomuonetsa munthu zimene wabwera nazo m'thumba la mtima wake, monga kalilole sakumeretsa ndevu. Mkulu wina anafunsa kuti nanga ngati ndi mapepala chabe, bwanji osawatentha. Atsibweni anayankha kuti setifiketi yake ya ubatizo nayonso ndi pepala. Anawawonjezera miyezi isanu ndi umodzi. Iwo Lamlungu lililonse ankapitabe kutchalitchi, kukhala pa benchi lakumbuyo, kumaimba mokweza kuposa aliyense, ndiponso mosemphana ndi aliyense.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankamukalipira: mwana wanga Alinafe. Ndinabereka ana anayi, anatsala iye yekha. Iye ankawatchula kuti ambuye, iwo ankamuti mkazi wanga, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo. Ataphunzira unamwino ku Chipata n'kuyamba ntchito pa kiliniki ku boma, Loweruka lililonse ankabwera pa njinga kudzawatsuka chilonda cha pamwendo chimene shuga anachiletsa kupola. Ine ndikagwira mwendowo ankalira ngati ndikuwadula. Alinafe akagwira ankaimba nyimbo za Chindebele.

Ndiye kunabwera Limbikani. Anali mnyamata wa ku Mlolo, anaphunzira naye limodzi unamwino, kenako anapeza ntchito m'chipatala china ku Mangalande. Atakhalako zaka ziwiri anatuma amalume ake kudzafunsira mbeta. Sindinamupeze chifukwa. Anali waulemu, wopemphera, wosamwa. Cholakwa chake chinali chimodzi: ankafuna kuti akangokwatirana, Alinafe amutsatire. Kwathu kuno mkamwini amabwera kudzamanga pamudzi pa mkazi, kapena akapempha chitengwa amamutengera mudzi woti ukhoza kupitako pa njinga. Chitengwa cha pa ndege ine ndinali ndisanachimvepo. Atsibweni ndiwo anali nkhoswe, ndipo mawu omaliza anali awo.

Alinafe anaonda. Tsiku lina ankaseka akuonetsa anzake zithunzi za pafoni, mawa lake ndinkamupeza kuseri kwa bafa maso ali ofiira. Pomaliza anawapempha ambuye ake kuti amuyalire makhadi, chinthu chimene anali asanapemphepo chibadwire. Anagwirizana za Loweruka lotsatira.

Apa ndiyenera kunena zimene ndinachita, ngakhale zimandichititsa manyazi. Ine wa chigwirizano cha amayi, amene ndinkalavula malovu ndikaona kachitini kaja, Lachisanu m'mawa ndinawapititsira phala lothira nsinjiro ndi shuga amene adokotala anawaletsa. Ndinagwada, n'kuwapempha kuti mawa amuopseze mwanayo. Ndinkadziwa kuti muli khadi la Imfa, ndi lina la nsanja yogumuka ndi mphezi. Ndinati aliike pamwamba, iye sadziwa kanthu. Ndinawakumbutsa kuti akapita, mwendo wawowo adzautsuka ndani. Ndinawakumbutsanso za amayi awo, agogo anga, amene anamwalira iwo ali ku Bulawayo, kalata n'kuwapeza patatha miyezi iwiri, manda atamera kale udzu.

Anadya phala lonse, n'kunyambita supuni. Kenako anati, "Iwe, ukuganiza kuti ine ndikufuna apite? Ndikanakhala ndi khadi lomangira munthu, ndikanalitulutsa kalekale." Anandipatsa mbale, n'kunena kuti phalalo lachepa mchere.

Loweruka, cha m'ma teni koloko, Alinafe atamaliza kumanga bandeji, anatulutsa katebulo kawo pakhonde n'kuyalapo nsalu yobiriwira imene ankakulungira makhadi. Ine ndinakhala pa mphasa chapatali ndikusenda mtedza, ngati sizikundikhudza. Poyamba anavutana pa funso. Alinafe anafunsa kuti kodi apite kapena asapite. Iwo anakana, anati makhadi si nkhoswe, sayankha inde kapena ayi, ndipo munthu wofunsa choncho akufuna woti adzamuloze chala zikadzavuta. Anamuthandiza kulikonza mpaka linakhala loti: ndikakwatiwa ndi Limbikani n'kupita naye kunja, n'chiyani chimene ndiyenera kuchiona bwino? Anamupatsa makhadi kuti awasakanize yekha funsolo lili mumtima, ena akutembenuka mitu pansi, zilibe kanthu. Atatopa, anamuuza awadule ndi dzanja lamanzere milu itatu, n'kuiphatikizanso mmene wafunira. Pamenepo ndinadziwa kuti phala langa lapita pachabe, chifukwa manja awo sanakhudze makhadiwo mpaka nthawi yoyala.

Anayala khumi, onse chafufumimba. Asanu ndi limodzi anapanga mtanda: limodzi pakati, lina lopingasa pamwamba pake, kenako pansi, kumanzere, pamwamba ndi kumanja. Anayi otsala anawandandalika kumbali kuchokera pansi kukwera m'mwamba, amene ankawatcha makwerero. Malo aliwonse ali ndi funso lake, ndipo khadi limamveka malinga ndi malo amene lagwera. Ankavundukula limodzilimodzi, ndipo asananene kanthu ankayamba amufunsa iye chimene akuona.

Lapakati, lonena za nkhani imene wabwera nayo, linali zikho ziwiri: mwamuna ndi mkazi ayang'anizana, aliyense chikho m'manja. Atsibweni anati pamenepo palibe chovuta, awiriwa akufunana, ndipo zikhozo n'zofanana kukula. Alinafe anamwetulira. Lopingasa, lonena za chimene chaima pa njira, linali malupanga asanu ndi limodzi: bwato, mwamuna akupalasa ndi mtengo, mayi wafunda nsalu kumutu wakhala ndi kamwana, malupanga atazikidwa kutsogolo kwa bwatolo. Anati khadi lopingasa silikhala ndi mutu pansi kapena pamwamba, umaliwerenga mmene lilili. Ndi ulendo wa pamadzi, kuchoka pa mafunde kupita pa bata. Koma anamuuza awerenge malupangawo, aone kuti sanatsale kumtunda, akwera nawo m'bwato.

Lapansi, muzu wa nkhani, linali zikho zisanu ndi chimodzi, ana awiri pabwalo la nyumba, wina akupatsa mnzake chikho cha maluwa. Anati umenewo ndi mudzi uno ndi ubwana wake, ndipo chilichonse chimene akuganiza chaima pamenepo. Lakumanzere, za m'mbuyo, linali ndalama zisanu ndi zitatu, mmisiri ali pa benchi akusula, ndipo anati ndi zaka zake za sukulu, zimene palibe angamulande kulikonse angapite. Lapamwamba, chabwino koposa chimene chingatheke, linali Nyenyezi: mkazi wagwada pa dziwe akutsanula madzi m'mitsuko iwiri, nyenyezi yaikulu ili pamutu pake. Atsibweni analiyang'anitsitsa. Anati m'makhadi onse palibe lina la chiyembekezo loposa limeneli, ndipo sangabise. Koma anamukumbutsa kuti lagwera pamwamba, pa zimene zingatheke, osati pa zimene zagwiridwa kale m'manja.

Lakumanja, za posachedwa, linatuluka mutu pansi. Zinali ndodo zinayi zozikidwa ngati chisakasa cha ukwati, zomangidwa maluwa pamwamba, anthu akukondwera kumbuyo. Mtima wanga unadumpha, ndinati mwina apa ndiye pathera ukwati. Koma iwo anafotokoza kuti khadi likazondoka silisanduka mdani wake nthawi zonse, kawirikawiri limangochepa mphamvu kapena kuchedwa. Ukwati ulipo, anatero, koma ukhoza kukhala wothamanga, ndipo nyumba idzatenga nthawi kuti imveke ngati kwawo.

Kenako anayamba makwerero. Loyamba, lonena za iye mwini mmene alili, linali malupanga asanu ndi anayi: munthu wadzuka pa bedi, nkhope waikwirira m'manja, malupanga ali ndandanda pakhoma. Alinafe anangoliona n'kuyamba kulira. Iwo sanamutonthoze. Anamuuza kuti aone bwino, palibe lupanga limene lamubaya munthuyo, onse ali pakhoma, koma kusagona kwake n'kwenikweni. Anamufunsa chimene chimamudzutsa. Anatchula zambiri: kuzizira, mayeso ena amene ayenera kukalembanso kuti aloledwe kugwira ntchito, mapepala ake okakhalira kumeneko amene adzadalira a mwamuna wake, ndi kuti akakayambana alibe khomo la mbale loti akagogode. Atsibweni anavomera chilichonse, osachepetsa ngakhale chimodzi. Anati zonsezo akazikambe ndi Limbikani ndi ankhoswe a mbali zonse asanalowe m'tchalitchi, ndipo pasipoti yake azisunga yekha.

Lachiwiri pa makwerero limanena za anthu omuzungulira. Linatuluka ndalama zinayi: munthu wakhala pa mpando, ndalama ina waikumbatira pachifuwa, ina ili pamutu, ziwiri waziponda ndi mapazi kuti zisathawe. Atsibweni analiyang'ana, n'kutembenuka kuyang'ana ine pa mphasa paja, n'kuliyang'ananso. Sananene dzina langa. Anangoti pali anthu amene akumugwira mwamphamvu, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa ndi zokhazo zimene atsala nazo. Atatero anawonjezera kuti pampandopo pakhoza kukhala anthu awiri.

Lachitatu pa makwerero ndilo linatithera mawu tonse. Asanalivundukule anamuuza kuti malo amenewa ndi a chiyembekezo ndi mantha, zonse ziwiri, khadi limodzi. Alinafe anafunsa chifukwa chake sapatula, lina la chiyembekezo, lina la mantha. Iwo anati amene anakonza kayalidwe kameneka anali atakhalapo ndi moyo, ankadziwa kuti walira mvula walira matope. Anavundukula. Zinali ndalama khumi: nkhalamba ya imvi yakhala pa chipata cha mudzi, agalu awiri oyera ali pamiyendo pake, chapatsogolo mwamuna ndi mkazi wake akucheza, kamwana kakugwira nsalu ya mayi ake.

Anamufunsa chimene akuona. Alinafe anati akuona nyumba yake, mwamuna wake, mwana wake, pakhomo pokwanira. Anamufunsanso kuti nanga mantha ali pati. Alinafe analoza nkhalamba ija ndi chala.

"Awa, ambuye. Anthu awiriwa sakuwayang'ana. Awasiya ndi agalu."

"Eya," anatero atsibweni. "Waona bwino."

Ndinadikira kuti anene kuti asadandaule, kapena kuti asapite. Mawu amodzi okha akanakwana, ndipo mwanayo akanamvera. Sananene. Anatambasula dzanja n'kuvundukula lomaliza, lonena kumene zinthu zikulowera ngati palibe chasintha. Zinali ndodo zitatu: munthu waima pa phiri, watipatsa msana, dzanja lagwira ndodo, akuyang'ana zombo zili kutali pa nyanja. Anati tanthauzo lake lodziwika ndi labwino, ndi la munthu amene watumiza zake kutali ndipo akudikira kuti zibwere, khadi la maulendo a kutsidya la nyanja. Koma ndi kudikira, si kufika.

Alinafe anafunsa ngati munthuyo akusangalala.

"Sindidziwa, mkazi wanga," anatero. "Zaka zonsezi sanatembenukepo kuti ndimuone nkhope."

Apo ine ndinalephera kupirira. Ndinawauza kuti atulutse lina lofotokozera, poti ndinkawaona akuchita zimenezo kwa anthu ena khadi lomaliza likavuta. Anati lofotokozera amatulutsa wofunsa akapempha, ndipo wofunsa si ine. Alinafe anapukusa mutu, anati zakwana. Anawafunsa kuti iwowo ngati nkhoswe akuti bwanji. Anayankha kuti nkhoswe yaona mnyamata wabwino ndipo ilibe chifukwa chokanira, koma miyendo yokwera ndegeyo ndi yake.

Sindinawalankhule milungu itatu. Chakudya ndinkangowaikira pakhomo. Anthu a m'mudzi, atamva, anagawikana monga mwa masiku onse: ena ankati makhadi alola, ena ankati makhadi akaniza koma mtsikanayo ndi wosamva. Palibe amene anakhulupirira kuti munthu angayale maula n'kusiya osagamula. Ukwati unachitika mothamanga ndithu, poti Limbikani anapatsidwa tchuthi cha milungu iwiri yokha. Mapepala a Alinafe anatenga miyezi yambiri, ndipo miyezi imeneyo ndinkapemphera mobisa kuti amukanize. Sanamukanize.

Tsiku lonyamuka, tisanapite ku boma kukakwera minibasi ya ku Chipata, Alinafe anapita kukatsazika kwa ambuye ake. Anawatsuka mwendo komaliza, akundionetsa mmene ndizichitira. Atsibweni anatsegula kachitini, n'kufufuza mpaka anapeza ndalama khumi zija, khadi la nkhalamba ndi agalu. Anamupatsa. Iye anakana, anati makhadi aperewera. Iwo anati akudziwa kuwerenga.

"Ndakubwereka, sindinakupatse. Udzabwere nalo wekha, usadzatumize."

Nthawi imeneyo ndinangoti ndi zachikondi za agogo ndi mdzukulu. Tanthauzo lake ndinalimva patapita miyezi isanu. Poyamba Alinafe ankaimba foni Lamlungu lililonse, kutionetsa nyumba, msewu, jekete lake lalikulu. Kenako mafoni anayamba kufupika. Mayeso aja analephera ulendo woyamba. Limbikani ankagwira ntchito maola ambiri, iye n'kumakhala yekha m'nyumba tsiku lonse. Ndikafunsa ankangoti tili bwino amama, koma mawu ake anali ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Panadutsa milungu itatu osaimba, ine ndikaimba osayankha, n'kungolemba kuti adzaimba. Ndinasowa pogwira. Ndinapitanso kukagwada kwa atsibweni, ulendo uno popanda phala, kuwapempha kuti ayale aone ngati mwana wanga ali bwino.

Anandikumbutsa kuti sayalira munthu amene palibe. Ndinati ndiye ayalire ineyo, ndine ndilipo, ndifunse za mtima wanga. Apo anatsegula kachitini n'kundionetsa. Anati makhadi operewera sayalidwa, chifukwa yankho likhoza kukhala lomwe palibelo, ndipo otsalawo adzakuuza zinthu molimba mtima koma zopanda mutu. Ndinawakalipira. Ndinati anachita dala. Sanakane. Anati akanakhala nawo okwanira, bwenzi akuyala m'mawa uliwonse, kufunsa funso lomwelomwelo, kuphwanya malamulo awo onse limodzi ndi limodzi mpaka kupenga. Anadzimanga okha manja tsiku lomwe anapereka khadi lija, akudziwa. Tinakhala pakhonde paja anthu awiri akuluakulu, foni ili pakati pathu, palibe wothandiza mnzake.

Kuyambira pamenepo sanayalirenso munthu aliyense. Obwera ankawabweza, ankati ofesi inatsekedwa. A mpingo anayesa kuti alapa, n'kuwabwezera ku mgonero, ndipo iwo sanawatsutse. Anasiya kuvala tayi. Mbuzi zinkalowa m'munda iwo akuziyang'ana. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankakhala pa mpando wawo kuyang'ana njira yochokera ku boma, ndipo agalu a anthu ena, amene kale ankawagenda, anayamba kudzagona pamapazi awo. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinawaona choncho, ndinatula mtolo pansi, n'kukumbukira nkhalamba ya pa khadi lija.

Alinafe anadzakhoza mayeso ulendo wachiwiri, n'kuyamba ntchito. Mawu ake anabwerera pang'ono, osati onse. Mpaka lero sindidziwa ngati ali wokondwa. Akamaseka pafoni ndimamvetsera kuseri kwa kusekako, osamva kanthu. Anatiuza kuti ndi woyembekezera ndipo adzabwera ndi mwana akadzakula pang'ono. Atsibweni anasangalala, anati khadi lija likukwanira, kamwana kapezeka. Koma mwendo unali utayamba kuda. Ndinkatsuka mmene anandionetsera, m'mawa ndi madzulo, ndipo sankaliranso, ankangoyang'ana kudenga. Ku chipatala ku Chipata anati audule, iwo anakana, anati anabwera ndi miyendo iwiri kuchokera ku Bulawayo.

Anamwalira Lachiwiri masana, Alinafe atatsala milungu itatu kuti achire. A ndege salola mayi wa masiku otero kukwera, ndipo ngakhale akanalola, sakanafika. M'mawa wa tsikulo ndinawaikira foni pakhutu. Sindinamve zimene iye ankanena. Iwo anangoti, "Usalire, mkazi wanga, unaona bwino. Lisunge." Maliro Alinafe anaonera pafoni imene mwana wa mlamu wanga anaigwira m'mwamba kumanda, netiweki ikudukaduka. Kalata ya amayi awo inachedwa miyezi iwiri. Uthenga wa iwowa unafika pa mphindi yomweyo, ndipo sizinasinthe kanthu.

Ndimadzifunsabe ngati anachita bwino. Masiku ena ndimati anali munthu woona, anakana kumunamiza mwana ngakhale bodzalo likanawapatsa womutsuka mwendo mpaka tsiku lomaliza. Masiku ena ndimati anali nkhalamba youma mutu imene inakonda malamulo a mapepala kuposa ife. Ndikawakwiyira choncho ndimapita kukasesa m'nyumba mwawo.

Nyumbayo sitinaigwetse. Achibale ankafuna kutentha makhadi pamodzi ndi zovala zakutha, ine wa chigwirizano ndi amene ndinakaniza, ndipo anthu akundinena. Pakhonde pali katebulo kaja, mwendo umodzi chiswe chayamba kudya. Mpando ulipo, ukuyang'anabe njira ya ku boma, ndipo agalu aja amabwerabe kudzagona pansi pake masana. Tayi ili pa msomali. Pawindo pali kachitini ka masikono, m'kati mwake nsalu yobiriwira, ndipo m'nsalumo makhadi makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi awiri. Ndinawawerenga sabata yatha, ngakhale ndinkadziwa. Alinafe akuti mwina chaka chamawa, tikiti ikatsika mtengo, adzabwera ndi mwana, amene anamutcha Gidiyoni. Akuti khadi lija lili m'pasipoti mwake. Sindinamufunse kuti akadzabwera nalo adzapatsa ndani.